Mzere wofiira wa pa kompyuta sudziwa amene ali ndi ngongole

*Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kupanga fotokope pano pa Kasungu boma. Mwezi watha bambo ena anabwera ndi pangano la lendi ya shedi yosungiramo soya ndi mtedza, limene loya wawo analemba pamanja m'Chingerezi. Nditatayipa ndinakonza zonse zimene kompyuta inandilozera, mpaka sipanatsale mzere wofiira kapena wobuluu. Loya uja walibweza, akuti ndaliwononga. Ndakutumizirani makope onse awiri. Ndinalakwa pati? Kodi ndingozimitsiratu zokonza masipelozi?*

Musazimitse, mayi. Ndayala mapepala anu awiriwo patebulo n'kuwawerenga mzere ndi mzere, ndipo malo ambiri kompyuta inakuthandizanidi. Pamene chala chinaterereka n'kulemba *teh* kapena *recieve*, inakonza bwino, ndipo loya aliyense akanakuthokozani. Malo amene yawononga ndi ochepa, kungoti agwera pamawu enieni amene akunyamula ndalama.

Chokonza masipelo chili ndi mndandanda wa mawu a Chingerezi. Mukalemba liwu chimayang'ana ngati lili pamndandandapo, ndipo likasowa chimajambula mzere wofiira n'kukupatsani mawu ena ofanana nalo m'malembo. Pamwamba chimakonda kuika liwu limene anthu ambiri amalemba tsiku ndi tsiku. Chokonza galamala, cha mizere yobuluu ija, chinapangidwira makalata a muofesi, malipoti ndi zimangirizo za kusukulu, kumene kulemba mwachidule ndi kusabwerezabwereza mawu ndi ulemu kwa wowerenga. Pangano silili choncho. Limalembedwa ndi munthu amene akuganizira tsiku limene anthuwa adzakangane, ndipo liwu lililonse amaliika kuti tsikulo pasadzapezeke mpata wozembera. Zimene kompyuta imaona ngati mawu achikale, obwerezedwa kapena otalika popanda chifukwa, nthawi zambiri ndi misomali imene loya anakhomera dala.

Tiyambe ndi ndime 4, imene ndikukhulupirira kuti ndiyo inawakwiyitsa kwambiri aloya aja. Pamanja analemba chonchi:

```
The Lessees shall be jointly and severally liable for the rent.
```

Pepala lanu likuti:

```
The Lessees shall be jointly and severely liable for the rent.
```

Ndikutha kuona mmene zinayendera. Munasiya chilembo chimodzi potayipa *severally*, mzere wofiira unabwera, munadina, ndipo pamndandanda panatuluka *severely*, liwu limene mumalidziwa kuyambira kusekondale. Linaoneka lolondola, mzere unachoka, inu n'kupitirira. Koma *severely* ndi "kwambiri" kapena "mwankhanza", pomwe *severally* ndi "aliyense payekhapayekha".

Onani chimene liwulo likugwira m'panganoli. Ochita lendi ndi amalonda atatu, lendi ndi K450,000 pamwezi. Tiyerekeze kuti mitengo ya soya yagwa, miyezi inayi yadutsa osalipira, ngongole yafika K1,800,000. Mmodzi watsikira ku Joni, wina wawolokera ku Chipata, pa Kasungu patsala mmodzi yekha amene ali ndi golosale yake yooneka. Mawu akuti *jointly and severally* akutanthauza kuti atatuwo analonjeza onse pamodzi, komanso aliyense analonjeza payekha kulipira ndalama yonse. Mwini shedi angathe kumusumira wotsalayo yekha pa K1,800,000 yonse, osati K600,000 yokha ayi, ndipo zofunafuna anzakewo kuti amubwezere magawo awo ndi mutu wake wa iyeyo. Liwu lachiwirilo likasanduka *severely*, patsala *jointly* yekha amene ali ndi tanthauzo, ndipo loya wa wotsalayo wapeza poyambira: anena kuti lonjezo linali limodzi la anthu atatu, choncho onse atatu aitanidwe pamlanduwo. Kunena zoona, woweruza wanzeru akhoza kuona kuti apa chala chinangophonya, n'kuwerenga mmene eni ake ankafunira, chifukwa makhoti amakonza zolakwika zoonekeratu. Koma kuti afike ponena zimenezo papita miyezi, maulendo a kukhoti ndi ndalama za loya, zonse chifukwa cha zilembo ziwiri.

Matenda omwewo ndi amene anagwira *Lessor*, mwini shedi, amene m'malo awiri wasanduka *Lesser*, "wocheperapo". Apa palibe amene angasokonezeke kwenikweni, koma zimachititsa manyazi pepala likafika pamaso pa woweruza. Musadzione ngati ndinu nokha. Mu 2006 kunatuluka nkhani ya loya wina wa ku Kalifoniya, ku Amereka, amene anapereka kukhoti la apilo chikalata chimene chokonza masipelo chinasandutsa mawu a Chilatini akuti *sua sponte*, kutanthauza khoti kuchita kanthu palokha popanda wolipempha, kukhala *sea sponge*, chinkhupule cha m'nyanja. Sanalembe kamodzi kokha, ndipo nkhaniyo inamveka dziko lonse. Mawu a Chilatini ndi a Chifalansa chakale amene adzaza m'malamulo athu, monga *inter alia*, *mutatis mutandis*, *ex parte* ndi *mesne profits*, ambiri mwa iwo kompyuta imawajambula mzere, ndipo zimene imapereka m'malo mwake n'zopanda mutu.

Pali kena kakang'ono mu ndime 5. Loya analemba kuti mwini shedi akalandira lendi *shall issue a receipt therefor*. Kompyuta inakuuzani kuti muwonjezere *e* kumapeto, inu munavomera. *Therefor* ndi liwu lenileni, lotanthauza "pa chinthu chimenecho", ndiye kuti risiti ya ndalama imene yalandiridwayo. *Therefore* ndi "chifukwa chake". Chiganizo chanu tsopano chikuthera m'malere ngati munthu amene wadulidwa pakamwa. Mawu otere alipo angapo, amene m'Chingerezi cha pamsewu ali ndi tanthauzo lina ndipo m'pangano ali ndi lina: *determine* m'pangano la lendi ndi kutha kwa panganolo, osati kuganiza chochita, *save* ndi "kupatula", *demised premises* ndi malo amene abwereketsedwa, palibe wamwalira. Pulogalamu ikakupatsani liwu "losavuta" m'malo mwa amenewa, imakhala ikumasulira tanthauzo la pamsewu lija.

Tsopano mizere yobuluu, imene ine ndimaiopa kuposa yofiira. Wofiira umasintha liwu limodzi, ndipo wowerenga watcheru amaligwira. Wobuluu umasiya chiganizo chosalala, chomveka bwino kuposa poyamba, koma chikunena zina.

Ndime 9 inali yotere:

```
The Lessees shall pay for the iron sheets which are damaged during the Term.
```

Yanu ili ndi mpatuliro umodzi wowonjezera:

```
The Lessees shall pay for the iron sheets, which are damaged during the Term.
```

Kompyuta yanu inaikidwa pa Chingerezi cha ku Amereka, ndipo kumeneko amaphunzitsa kuti *which* azikhala ndi mpatuliro patsogolo pake, apo ayi asinthidwe kukhala *that*. Inakupatsani njira ziwirizo, inu munasankha mpatuliro. Popanda mpatuliro, mawu a kumapetowo akusankha malata: amene awonongeka m'nthawi ya lendi okha ndi amene alipiridwe. Ndi mpatuliro, mawuwo sakusankhanso kanthu, akungofotokoza malata onse ngati kuti onse ndi owonongeka. Ngati denga la shediyo lili ndi malata 60 ndipo oboola ndi anayi, chiganizo choyamba chikulipiritsa anayi, chachiwiri chikupatsa mwini shedi poyambira kufuna denga latsopano. M'Chichewa timasiyanitsa zimenezi ndi mawu pakamwa. "Ana anga amene ali ku Santhe adzalandira munda" si chimodzimodzi ndi "ana anga, amene ali ku Santhe, adzalandira munda". Poyamba mwana amene ali ku Lilongwe wamanidwa. Pachiwiri onse alandira, kungoti bamboyo akutiuza kumene akukhala. Mukanasankha *that*, tanthauzo likanatsala momwemo. Koma kuti mudziwe njira yoyenera mwa ziwirizo munafunika kudziwa chimene anthuwa anagwirizana, ndipo kompyuta sinalipo pamene ankagwirizana.

Mpatuliro wadyetsapo anthu ndalama zenizeni. Ku Maine, ku Amereka komweko, madalaivala a kampani ina ya mkaka anasumira abwana awo pa ndalama za ovataimu. Lamulo la kumeneko linali ndi mndandanda wa ntchito zosalandira ovataimu, ndipo kumapeto kwake kunalibe mpatuliro pakati pa *packing for shipment* ndi *or distribution*. Mu 2017 khoti la apilo linati mawuwo akumveka pawiri, n'kuwerenga mokomera madalaivala, ndipo mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 5 miliyoni. Mpatuliro womwewo, wa patsogolo pa *and* kapena *or* womaliza pamndandanda, ndi umene mapulogalamu a galamala amakonda kuuika kapena kuuchotsa malinga ndi mmene anawatcherera. M'pangano, m'wilo kapena m'chikalata cholumbirira, musaike ndipo musachotse mpatuliro chifukwa choti makina atero.

Kenako *shall*. M'pepala la pamanja muli *shall* paliponse pamene wina akumangidwa kuchita kanthu. M'lanu, ndime zitatu zasanduka *will*, ndipo mwatsoka zonse ndi za udindo wa mwini shedi: kukonza denga, kulipira msonkho wa kukhonsolo, kubweza dipoziti. Za amalonda aja zatsala ndi *shall*. Pali maloya ambiri masiku ano amene sakonda *shall* ndipo amalemba *must* kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo ine sindikangana nawo. Vuto si liwulo, vuto ndi kusakaniza. Makhoti akamawerenga chikalata amayamba ndi ganizo lakuti wolemba akasintha liwu ndiye kuti wasinthanso tanthauzo. Ndiye wina adzaimirira n'kunena kuti amalonda *shall*, ndiko kukakamizidwa, koma mwini shedi *will*, ndiko kungonena zimene akuganiza kudzachita. Mwina sangapambane nazo, koma mwamupatsa chonena chimene loya uja sanamupatse.

Chifukwa chomwecho n'chimene muyenera kukanira uphungu wakuti liwu labwerezedwa kwambiri. Ndime 1 inati shediyo pamodzi ndi bwalo lake ndi mpanda zidzatchedwa *the Premises*, ndi chilembo chachikulu. Kuchokera pamenepo liwulo ndi dzina, ndipo liyenera kubwera lomwelo ngakhale kakhumi patsamba limodzi. Mu ndime 11 mwalola kuti likhale *the building*. Tsopano funso labadwa: kodi bwalo limene amayanikapo mtedza lili m'kati mwa ndime 11 kapena ayi? Aphunzitsi a Chingerezi anatiphunzitsa kusinthasintha mawu kuti chimangirizo chikome. Kuno ndi mlandu. Chimodzimodzi pulogalamu ikafuna kutsitsa chilembo chachikulu cha *Term*, *Rent* kapena *Premises* pakati pa chiganizo, ikaneni.

Sindikufuna muchoke pano mukuganiza kuti mzere wobuluu umanama nthawi zonse. Pa ndime 12 unaloza chinthu chenicheni. Loya analemba *The Premises shall be insured against fire*, ndipo kompyuta inadandaula kuti chiganizocho sichikutchula wochita. Inalondola: ndani agule inshuwalansi, mwini shedi kapena amalonda? M'shedi yodzaza matumba ouma limenelo si funso lachibwana. Inu munachita bwino kusiya momwemo. Chimene chikanaposa pamenepo ndi kulemba kafunso ndi pensulo m'mphepete, "ndani?", kuti loya ayankhe yekha. Wotayipa amene amabweza pepala lili ndi mafunso awiri atatu otere, maloya samusiya.

Izi zonse ndi zimene kompyuta inanena. Zimene inakhala chete ndi zimene zandidetsa nkhawa kwambiri, ndipo sindikudziwa ngati aloya aja anaziona zonse.

Mu ndime 3 mwalemba K450,000 m'manambala, koma m'mawu mwalemba *four hundred and fifteen thousand*. Liwu lililonse pamenepo ndi Chingerezi chabwino, ndiye mzere sunabwere. Kusiyana kwake ndi K35,000 pamwezi, K420,000 pachaka. Pa cheke, manambala ndi mawu zikasemphana amatsata mawu, ndipo anthu ambiri amatengera ganizo lomwelo pamapangano, choncho amalonda aja akanakhala ndi chifukwa chogwiritsitsa K415,000. Mu ndime 14, imene ikunena za amene angathetse pangano lendi ikapanda kulipidwa, mwalemba *Lessee* pamene pamanja pali *Lessor*. Mwapereka mphamvu yothetsa pangano kwa munthu yemwe sanalipireyo. Mawu onse awiri ali mudikishonale, kompyuta ilibe chonena. Momwemonso *mortgagor* ndi *mortgagee*, *employer* ndi *employee*, *statute* ndi *statue*, *trial* ndi *trail*, *principal* ndi *principle*. Loopsa kuposa onse ndi *not* likasanduka *now*: *shall not sublet* ndi kuletsa kubwereketsanso shedi kwa wina, *shall now sublet* ndi kulamula kuti atero.

Pamutu penipeni pa pepala lanu palembedwa *LEASE AGREMENT*, ndipo palibe mzere. Chifukwa chake n'chakuti Word imabwera itatcheredwa kale kuti isayang'ane mawu a zilembo zazikulu zokhazokha, ndiponso mawu osakanikirana ndi manambala. M'kalata wamba zimenezo n'zothandiza. M'zikalata za malamulo, zilembo zazikulu ndiye kumene kumakhala mutu, dzina la khoti, maina a okangana ndi mawu ngati *SWORN STATEMENT*, ndipo onsewo amadutsa osayang'anidwa.

Palinso chimene chimasintha mawu mukutayipa, osakufunsani, chotchedwa AutoCorrect. Ndicho chinasandutsa *clause 7(c)* kukhala *clause 7©* m'pepala lanu. Chimachitanso chimodzimodzi ndi *(r)*, imene imasanduka ®, ndipo pamakompyuta ambiri *(e)* imasanduka chizindikiro cha ndalama ya yuro. Zikalata za malamulo zadzaza ndi timagawo ta (a), (b), (c), ndiye msampha umenewu mudzaupeza sabata iliyonse. Chikangosintha, dinani Ctrl+Z nthawi yomweyo, chibwerera. Koma kuli bwino kuuchotseratu.

Ndiye konzani kompyutayo kamodzi, masana amodzi pamene kulibe makasitomala. Maina a mabatani amasiyanako pang'ono malinga ndi Word imene muli nayo, koma njira yake ndi iyi. Lowani pa File, kenako Options, kenako Proofing. Chotsani chizindikiro pa *Ignore words in UPPERCASE* ndi pa *Ignore words that contain numbers*. Pomwepo dinani AutoCorrect Options, pezani mizere ya (c), (r) ndi (e) pamndandanda, muifufute ndi Delete. Kenako tsegulani chikalata, dinani Ctrl+A kuti musankhe zonse, pitani pa Review, Language, Set Proofing Language, musankhe English (United Kingdom), muchotse chizindikiro pa *Detect language automatically*, ndipo mudine Set As Default. Malamulo athu ndi makhoti athu amalemba Chingerezi cha ku Mangalande: *cheque*, *labour*, *instalment*, ndi *licence* likakhala dzina la chiphaso koma *license* likakhala mneni. Kompyuta ya Chimereka imajambula mizere pansi pa ambiri mwa mawu amenewa n'kukukokerani kwawo. Kamodzi kokha kamene muyenera kukumbukira nokha: chigamulo cha khoti maloya amachilemba *judgment*, popanda *e* pakati, ngakhale dikishonale ya ku Mangalande imalola zonse ziwiri.

Mawu a malamulo amene mwatsimikiza kuti mwalemba molondola, monga a Chilatini aja, aikeni mudikishonale ya kompyuta podina Add to Dictionary, kuti mawa mzere wofiira ukabwera pansi pawo mudziwe kuti chala chaphonyadi. Koma yang'anani kawiri musanadine, chifukwa mukaikamo liwu lolakwika kompyuta idzalivomereza mpaka kalekale.

Pali njira ina imene otayipa ambiri saidziwa, yochita zosiyana ndi zimenezo: kuuza Word kuti mawu ena, ngakhale ndi olondola, iziwajambula mzere nthawi zonse kuti muziima n'kuyang'ana. Pa Windows, lembani izi pamalo olembapo adiresi mu File Explorer:

```
%AppData%\Microsoft\UProof
```

Mupezamo fayilo yotchedwa `ExcludeDictionaryEN0809.lex`, imene ndi ya Chingerezi cha ku Mangalande. Itseguleni ndi Notepad, mulembe liwu limodzi pamzere uliwonse, musunge, mutseke Word n'kuitsegulanso.

```
severely
lesser
statue
trail
principle
pubic
```

Liwu lomalizalo musandifunse. Ingodziwani kuti *public* likataya chilembo chimodzi limatchula malo obisika a thupi, ndipo lalowapo m'zikalata za anthu aulemu wawo. Popeza mumatayipanso ma CV ndi makalata a sukulu pakompyuta yomweyo, mawu amenewa azijambulidwa kumenekonso. Ndi mtengo wochepa.

Za maina ndiye samalani koposa. Word imene ambirife tili nayo ilibe dikishonale ya Chichewa, ndiye Kaomba, Wimbe, Chulu, Lukwa, Mtunthama, onsewo ndi ofiira, pamodzi ndi maina a anthu. Tsamba likafiira choncho maso amatopa, munthu amayamba kungodina. Ndinaonapo chikalata cha malo chimene bambo wina wa kwa Mwale anatuluka ali *Male* kuyambira tsamba loyamba mpaka posainira, chifukwa wotayipa anadina Change All kamodzi. Dzina limene silikugwirizana ndi la pachitupa cha unzika limabweza munthu kubanki, kuofesi ya malo, ngakhale kwa wolumbiritsa. Pa dzina dinani Ignore All basi, ndipo dzinalo mulitenge pachitupa, chilembo ndi chilembo, osati pakamwa pa mwini wake kapena pa zimene mukudziwa inu, chifukwa pali a Nkhoma ndi a Mkhoma, a Chirwa ndi a Chilwa, ndipo chimene chili pachitupa ndicho chimagwira ntchito. Ngati chikalata chili ndi ndime yonse ya Chichewa, isankheni, mupite pa Set Proofing Language pomwe paja, muike chizindikiro pa *Do not check spelling or grammar*. Chitaninso chimodzimodzi ndi mawu amene akopedwa kuchokera m'lamulo kapena m'chigamulo cha khoti. Zokopedwa zimalembedwa momwe zilili, ngakhale zitaoneka zachikale kapena zopindika. Batani la Change All lokha, m'chikalata cha malamulo, liyeseni ngati palibe.

Kagwiridwe ka ntchito kamene ndimaphunzitsa atsikana ndi anyamata obwera kumene muofesi n'kosavuta. Tayipani zonse kaye osasamala mizere. Mukamaliza sungani, kenako dinani Ctrl+Shift+E kuti Track Changes iyake, ndipo pokhapo dinani F7 kuti kuyang'ana masipelo kuyambe. Chilichonse chimene mwavomera chizioneka ndi mtundu wina, chakale chili pambali pake chokhwatchidwa. Pa liwu lililonse limene yaloza, diso lipite papepala la pamanja, osati pamndandanda wa pasikirini. Ngati pamanja pali liwu lomwe mwatayipalo, kanani uphunguwo ngakhale liwulo simukulidziwa. Ngati simukutha kuwerenga dzanja la loya, lembani kafunso, musalole kompyuta ikuganizireni. Mukaiwala kuyatsa Track Changes koma muli ndi fayilo yoyamba, Review kenako Compare ikuonetsani kusiyana kwa mafayilo awiriwo.

Ikatha kompyuta, sindikizani, muitane mnzanu. Mmodzi awerenge mokweza pepala la pamanja, kutchula ndi mipatuliro yomwe, wina atsate ndi rula papepala losindikizidwa. Pangano la masamba atatu ngati ili silitenga mphindi 20. Ndalama, madeti, nambala ya puloti, maina, ndi paliponse pali *Lessor* kapena *Lessee*, *not*, *shall* kapena *may*, muwerenge kawiri. K415,000 ija ndi ndime 14 zikanagwidwa pamenepa, ndipo palibe pulogalamu imene ikanazigwira. Ikani nthawi imeneyi pamtengo wanu. Kutayipa pangano kusakhale mtengo umodzi ndi kutayipa kalata yofunsira ntchito.

Mwina wina akuuzani kuti muike Grammarly kapena mugwiritse ntchito Google Docs kuti ndi zanzeru kuposa. Pogwira liwu lolondola limene lakhala pamalo olakwika, mapulogalamu a pa intaneti amaposadi nthawi zina. Koma ndi omwewonso amene amalimbikira kulembanso chiganizo chonse kuti chifupike, ndipo ndi pamene *jointly and severally* kapena *assign, sublet or part with possession* amaoneka ngati mawu ochuluka oyenera kudulidwa, chonsecho lililonse likutseka khomo lakelake. Komanso kuti agwire ntchito, mawu a chikalatacho amatumizidwa kumakompyuta a kampaniyo kunja. Wilo ya munthu, ngongole yake kapena nkhani ya banja lake si zanu kuti muzitumize kwina iye asakudziwa.

Pa pangano ili, mwayi wanu ndi wakuti loya analigwira anthu asanasaine, ndiye mungokonza, kusindikizanso ndi kung'amba makope olakwikawo kuti lina lisadzasochere m'fayilo ya munthu. Likanakhala losainidwa kale, simukanayenera kutsegula fayilo n'kusintha tsamba mwakachetechete, ngakhale cholakwikacho chili chanu. Cholakwika chaching'ono amachikhwatcha ndi cholembera, kulemba cholondola pamwamba, ndipo onse osaina amaika zilembo zoyamba za maina awo m'mphepete pa makope onse. Chachikulu ngati cha ndime 14 chimafuna kuti loya alembe kapepala kokonza kapena onse asainenso pangano latsopano. Chikalata cholumbirira chikasinthidwa chimabwerera kwa amene analumbiritsa. Mukamawabwezera aloya aja pepala lokonzedwalo, atengereninso lina loonetsa zosintha zonse za Track Changes, ndipo muwalozere ndime 3, 12 ndi 14 ndi chala, chifukwa ndikukayika ngati ya inshuwalansi ija anaiona.